Mmene mungalembere uthenga wanthabwala wopepesa mnzanu mukaiwala tsiku lake lobadwa

Anthu ambiri akazindikira kuti tsiku lobadwa la mnzawo wapamtima ladutsa iwo osanena kanthu, amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amangokhala chete chifukwa cha manyazi, masiku n'kumapita, mpaka kudzakumana ndi mnzawoyo pa depoti ya Chitakale kapena mumsika wa Luchenza nkhani itakula kale. Ena amathamangira kulemba uthenga woseketsa, koma nthabwalayo imakagwera mnzawo yemwe amulakwira uja, ndipo m'malo moseka amangowerenga n'kusiya osayankha. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kutumiza uthenga umodzi waufupi pa foni, wopepesa moona koma woseketsa, kwa mnzake amene amaseka naye nthawi zonse. Lamulo lalikulu ndi lakuti wosekedwa mu uthengawo akhale inuyo wolakwa, ndipo mawu opepesa aoneke poyera asanafike mawu oseketsa.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe kulemba

- Tsiku lenileni lobadwa la mnzanuyo, ndi chiwerengero cha masiku amene mwachedwa.
- Dzina kapena mawu amene mumaitanirana inu awiri.
- Chinthu chimodzi choseketsa chokhudza inuyo chimene mnzanuyo akuchidziwa kale.
- Chipepeso chimene mungakwanitse, pamodzi ndi tsiku ndi malo ake.
- Foni yokhala ndi mayunitsi a SMS kapena bandulo ya WhatsApp, ndiponso malo amene netiweki imagwira bwino.

Pa zinthu zisanuzi, chimene anthu amachinyalanyaza kwambiri ndi chachinayi. Popanda chipepeso uthenga wanu umakhala mawu okha, ndipo akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda.

## 1. Tsimikizani tsikulo musanapepese

Yambani ndi kudziwa kuti mwaphonya tsiku liti. Yang'anani mauthenga a chaka chatha pakati pa inu awiri, chifukwa ngati munamufunira zabwino chaka chatha, tsikulo likadali pamenepo. Ngati simukulipeza, funsani m'bale wake mmodzi amene mumamasuka naye, koma mufunse payekha.

Chenjezo: musadalire sitetasi ya WhatsApp yokha. Sitetasi imakhala maola 24 n'kuchoka, ndipo anthu ambiri amaika zithunzi za keke patapita masiku angapo, kapena amachita phwando Loweruka pomwe tsiku lenileni linali Lachitatu. Mukalemba kuti "pepa za dzulo" pomwe tsikulo linali masiku anayi apitawo, mwaonetsa kuti simunangoiwala kulemba, koma tsikulo simukulidziwa n'komwe. Musafunsenso m'gulu la WhatsApp limene mnzanuyo alimo, chifukwa funso lanu aliona iye asanaone kupepesa kwanu.

## 2. Onani ngati ino ndi nthawi ya nthabwala

Musanasankhe mawu aliwonse, dzifunseni mmene mnzanuyo alili sabata ino. Ngati kwawo kwagwa zovuta, ngati ali ndi wodwala kuchipatala, kapena ngati ntchito yangomuthera, uthenga wanthabwala usiyeni kaye. Muimbireni foni kapena pitani mukamuone, ndipo nkhani ya tsiku lobadwa mudzaitchule pomaliza. Chimodzimodzinso ngati munali mutakangana musanaiwale tsikulo, pakuti iye angathe kuganiza kuti kukhala chete kwanu kunali kwadala, ndipo nthabwala pamenepo imamveka ngati chipongwe.

Kuchuluka kwa masiku amene mwachedwa kumasinthanso muyeso wa nthabwala. Mukachedwa tsiku limodzi kapena awiri, uthenga ungathe kukhala woseketsa pafupifupi wonse, bola mawu akuti pepa alipo. Mukachedwa sabata yathunthu, kupepesa kukhale kolemera kuposa nthabwala. Ukatha mwezi, ine ndimaona kuti uthenga paokha sukwaniranso, ndipo ntchito yake imangokhala yotsegulira njira kuti muimbe foni madzulo a tsiku lomwelo. Pali chinanso chofunika kuchikumbukira: ngati ichi ndi chaka chachiwiri chotsatizana mukuiwala, musabwereze nthabwala ya chaka chatha, ndipo muvomereze mu uthengamo kuti aka ndi kachiwiri asanakukumbutseni yekha.

## 3. Muitaneni mmene mumamuitanira masiku onse

Mawu oyamba a uthenga ndi amene amamuuza mnzanu kuti ubwenzi ukadali pomwe unali. Ngati mumaitanana kuti "aise", "iwe", "chemwali", "achimwene" kapena "alamu", yambani ndi mawu omwewo. Anthu akalakwa amakonda kusintha mwadzidzidzi n'kuyamba ulemu umene sanaupangepo, monga kulemba "Okondedwa mnzanga" kwa munthu amene munkagawana naye chinangwa kusukulu, ndipo wowerengayo amaona ngati mwamutalikira kapena uthengawo mwaukopera kwina.

Pali njira imodzi yokha imene ulemu wopitirira umagwira ntchito, ndiyo kuuchita dala kuti ukhale nthabwala yeniyeniyo. Mnzanu amene mumamunena kuti "iwe" mungathe kumulembera ngati mukulankhula kwa amfumu pabwalo la milandu: "Zikomo gogo chalo, wolakwa uja wafika yekha, sanadikire kuti mumuitanitse." Izi zimaseketsa chifukwa nonse mukudziwa kuti simulankhulana chotero. Koma ngati mnzanuyo ndi wamkulu kwa inu ndipo masiku onse mumamupatsa ulemu wa "inu", musatsikire ku "iwe" pofuna kuti uthenga umveke womasuka. Lembani "pepani", osati "pepa", ndipo nthabwala yanu ikhale mkati mwa ulemu womwewo.

## 4. Pepesani poyera m'chiganizo choyamba

Chiganizo choyamba chinene zinthu ziwiri mosabisa: kuti munaiwala, ndi kuti mwalakwa. Mawu akuti "pepa, ndinaiwala tsiku lako lobadwa" ndi okwanira. Chifukwa chimodzi choikira mawuwa patsogolo ndi mmene mafoni amaonetsera mauthenga: uthenga ukafika, pagalasi la foni pamaoneka mawu oyambirira okha munthu asanautsegule. Ngati mawu oyambirirawo ndi nthabwala, mnzanu wokhumudwa uja aona nthabwala yokha, ndipo angathe kuusiya osautsegula mpaka madzulo.

Chenjezo: samalani ndi mawu akuti "koma" ndi "ngati". Mukalemba kuti "pepa koma ndinatanganidwa", mawu onse amene mwalemba musanafike pa "koma" afafanizika. Mukalemba kuti "pepa ngati wakhumudwa", mwasandutsa kukhumudwa kwake kukhala vuto, pomwe vuto ndi kuiwala kwanu. Musanamenso kuti foni inali itathima chifukwa cha magetsi kapena kuti netiweki imavuta kwanu. Mnzanu wapamtima amaona nthawi imene muli pa WhatsApp, ndipo mwina tsiku lomwelo munaika sitetasi kapena munayankha nkhani ya mpira m'gulu limene iye alimo. Bodza lotere limasandutsa mlandu waung'ono wa kuiwala kukhala mlandu waukulu wa kunama. Ngakhale chifukwa chanu chitakhala choona, mwachitsanzo munali kumaliro kwa Chonde kapena munachoka kuntchito usiku, chisungeni kuti mudzachinene iye akafunsa.

## 5. Ikani nthabwala imodzi, ndipo igwere inu

Apa ndi pamene mauthenga ambiri amawonongekera, ndiye tikhalapo pang'ono. Nthabwala mu uthenga wopepesa ili ndi ntchito imodzi: kumupatsa mnzanu mpata wokusekani. Iye ali ndi ufulu wokukalipirani, ndipo inu mukadziseka nokha poyamba, mwamupatsa njira yosavuta yotulutsira mkwiyo wakewo mwa kuseka. Nthabwala ikalunjika kwa iye, mpata umenewo watsekeka, chifukwa tsopano wayamba kudziteteza.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Werengani chiganizo choseketsacho ndipo mufunse kuti amene akuoneka wopusa ndi ndani. Mukalemba kuti "wakalamba kwambiri moti ndinasiya kuwerenga zaka zako", wosekedwa ndi iye. Mukalemba kuti "ukalamba wandiyamba ine ndisanafike zaka zako", wosekedwa ndinu, ngakhale kuti nkhani ndi yomweyo ya zaka. Nthabwala za zaka, za kunenepa, za kusakwatira kapena kusakwatiwa ndi za kusowa mwana zisiyeni, ngakhale mumazinena mukakhala limodzi. Pamaso ndi pamaso munthu amaona nkhope yanu ndi kumva mawu anu, koma pa foni amangoona zilembo, ndipo amaziwerenga ndi mtima umene ali nawo nthawi imeneyo.

Pali mitundu itatu ya nthabwala imene ndaona ikugwira ntchito. Woyamba ndi wonyoza mutu wanu womwe. Mungathe kunena kuti mutu wanu ndi dengu lotungira madzi, kapena, kwa ife a kuno, kuti m'mutu mwanu munagwa chiperoni. Aliyense wa ku Mulanje kapena ku Thyolo amadziwa mmene chiperoni chimakutira phiri ndi minda ya tiyi m'miyezi yozizira, moti sungaone ngakhale nyumba yoyandikana nayo, choncho chithunzicho chimamveka popanda kuchifotokoza. Wachiwiri ndi wodzizenga mlandu, pomwe mumadziika nokha pabwalo, kuvomera, n'kupempha chigamulo. Mtundu umenewu uli ndi ubwino wakuti umamupatsa mnzanuyo udindo woweruza, ndipo umamukakamiza mwaulemu kuti ayankhe, chifukwa mlandu sungathe popanda woweruza. Wachitatu ndi wokokomeza chilango, monga kunena kuti ndinu wokonzeka kukwera Sapitwa chokwawa. Nsonga imeneyi ya phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe amene angaganize kuti mukunena zoona, ndiye kukokomezako kumaoneka msanga.

Koma nthabwala yoposa zonsezi ndi imene imachokera pa chinthu chimene inu awiri nokha mumachidziwa. Ngati munaiwalapo chikwama mu minibasi ya ku Limbe iye akuona, kapena munapitapo ku tchalitchi mutavala nsapato zosiyana, tchulani chimenecho m'mawu ochepa. Chimamuuza mnzanuyo kuti uthengawu mwalembera iye yekha, ndipo kuti ngakhale tsiku munaliiwala, zambiri za ubwenzi wanu mukuzikumbukira.

Chenjezo: nthabwala ikhale imodzi. Mukaunjika zitatu, uthenga umasanduka sewero lanu, ndipo wobadwa uja amakhala ngati wangobwera kudzaonerera. Mawu akuti "kuiwala kulibe mankhwala" asiyeni anene iye akafuna kukukhululukirani. Mukawanena inu, mwadzikhululukira nokha iye asanatero.

## 6. Tchulani chipepeso chokhala ndi tsiku ndi malo

Mukatha kupepesa ndi kudziseka, nenani chimene muchite. Mawu akuti "ndidzakuona bwino" kapena "tidzapanga kenakake" alibe kanthu mkati, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Tchulani chinthu, tsiku ndi malo: kanyenya pa Chitakale Loweruka, tchipisi cha pachiwaya ku Thyolo Boma mukaweruka Lachisanu, zinanazi ziwiri zimene mumutengere, kapena ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba kudzera ku Likhubula, inu n'kulipira kabaza. Ngati mnzanuyo ali kutali, ku Lilongwe kapena ku Joni, chipepeso chingathe kukhala nthawi yeniyeni imene mudzamuimbire, n'kuisunga.

Lonjezani zimene thumba lanu lingakwanitse sabata imeneyo. Ngati mumalandira pa fotinaiti kapena pakutha pa mwezi ndipo pakali pano muli chimanjamanja, tchulani tsiku limene likubwera mutalandira, osati mawa. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo kuphonya chipepeso mutaphonya kale tsiku lobadwa kumapweteka kuposa kuiwala koyamba kuja. Siyanitsaninso bwino chilango chokokomeza ndi lonjezo lenileni. Kukwera Sapitwa chokwawa aliyense akudziwa kuti ndi nthabwala, koma mukalemba kuti "ndikugulira mbuzi", mnzanu wina angathe kuyamba kufunafuna chingwe.

Za ndalama ndili ndi maganizo anga. Kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba si kolakwika, koma zisatsogole uthenga. Munthu akalandira chidziwitso cha ndalama asanalandire mawu opepesa, amamva ngati mukugula chikhululukiro. Tumizani uthenga poyamba, ayankhe, kenako ndalama ya keke ibwere pambuyo ngati mbali ya nthabwala imene mwayamba kale.

## 7. Mufunireni zabwino, kenako yesani kutalika kwa uthenga

Musaiwale chimene munaiwala poyamba paja. Anthu ena amalemba uthenga wonse wopepesa n'kutumiza osamufunira mnzawoyo zabwino za tsiku lake. Chiganizo chimodzi chachifupi pamapeto ndi chokwanira, monga "Mulungu akusunge" kapena "chaka chino chikuyendere bwino", ndipo chimenechi chisakhale ndi nthabwala.

Tsopano yesani kutalika. Ngati mukutumiza SMS, uthenga umodzi umalola zilembo 160, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zopumira. Mukapitirira pamenepo, foni imaudula kukhala zidutswa za zilembo 153 chilichonse, ndipo chidutswa chilichonse chimawerengedwa ngati uthenga paokha polipira. Chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo chimatikhudza ife olemba Chichewa, ndi chakuti chilembo cha ŵ sichili m'gulu la zilembo wamba za SMS. Mukachiika ngakhale kamodzi, mafoni ambiri amasintha kalembedwe ka uthenga wonse, ndipo malire amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70; uthenga ukadulidwa, chidutswa chilichonse chimangotenga zilembo 67. Tizithunzi ta nkhope yoseka timachitanso chimodzimodzi, ndipo pa foni yamabatani tingathe kuoneka ngati timabokosi topanda kanthu. Choncho ngati mnzanu ali ndi foni yamabatani, lembani w wamba ndipo kuseka kukhale m'mawu momwemo. Pa WhatsApp malire oterewa palibe, komabe uthenga wopepesa mwanthabwala usapitirire ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo ukhale uthenga umodzi, osati zidutswa khumi zolowa motsatizana.

## 8. Uwerengeni mokweza, sankhani nthawi, tumizani

Werengani uthengawo mokweza kamodzi, koma muuwerenge ndi mawu a munthu wokwiya. Ngati pali chiganizo chimene chikumveka chachipongwe mukachiwerenga chotero, chichotseni. Onaninso mawu amene foni yasintha yokha, chifukwa mafoni ambiri sadziwa Chichewa ndipo amasandutsa mawu athu kukhala ena. Pa WhatsApp muli ndi mphindi 15 zokonzera uthenga mutautumiza pogwiritsa ntchito Edit, koma SMS ikapita yapita.

Tumizani pa nthawi imene mnzanuyo angawerenge mtima uli m'malo. Wothyola tiyi, mphunzitsi kapena wogulitsa mumsika sangasangalale ndi nthabwala m'mawa ntchito ili pamutu. Nthawi ya nkhomaliro kapena madzulo akaweruka ndi yabwino. Pewani pakati pa usiku, pakuti uthenga wa nthawi imeneyo umaoneka ngati walembedwa munthu ali pamowa. Koma kusankha nthawi kusakhale chifukwa chodikira mawa: mukazindikira lero, tumizani lero. Tumizani kwa iye yekha, osati m'gulu.

## Chitsanzo: mauthenga atatu a mlandu umodzi

Ine ndinaiwalapo tsiku lobadwa la mnzanga amene tinaphunzira limodzi, yemwe amakhala ku Luchenza. Tsikulo linali Lolemba, ndipo ndinazindikira Lachinayi masana nditaona chithunzi cha keke pa sitetasi ya mlongo wake. Uthenga woyamba umene ndinalemba unali wotere:

"Aise, ndamva kuti wawonjezera chaka china, nkhalamba iwe. Sabata ino ntchito inandipanikiza kwambiri. Tidzaonana."

Ndisanautumize ndinauwerenga mokweza ndipo ndinaona zolakwika zisanu. Munalibe mawu akuti pepa. Wosekedwa anali iye. Chifukwa changa chinatenga malo a kupepesa. Ndipo "tidzaonana" sanali kulonjeza kanthu. Mawu akuti "ndamva" anali oipa kwambiri, chifukwa ankaonetsa ngati tsiku lobadwa la mnzanga wa zaka zambiri ndi nkhani yomva kwa anthu.

Wachiwiri unapitirira mbali inayo. Unali wautali, wodzaza ndi mawu akuti sindiyenera kutchedwa mnzake ndi kuti ndikumvetsa ngati sadzandilankhulanso. Uthenga wotere umamupatsa wolakwiridwa ntchito yotonthoza wolakwa, ndiye ndinaufufuta. Wachitatu ndi umene ndinatumiza:

"Aise, pepa. Tsiku lako lobadwa ndinaliiwala, ndalakwa. Mutu wangawu ndi dengu lotungira madzi. Loweruka pa Chitakale kanyenya ndigula ndine. Mulungu akusunge!"

Uthengawu uli ndi zilembo 158, ndiye unakwana mu SMS imodzi. Ndikanalemba "ndinaliiŵala" ndi "Loŵeruka" ndi chilembo cha ŵ, uthenga womwewu ukanadulidwa kukhala zidutswa zitatu. Onani ndondomeko yake: dzina loitanirana, kupepesa, kuvomera, nthabwala imodzi yogwera ine, chipepeso chokhala ndi tsiku ndi malo, kenako mafuno abwino. Anayankha patapita maola awiri kuti dengulo ndibwere nalo Loweruka, kanyenya wake akalowe mmenemo, ndiponso kuti thiransipoti yochokera ku Luchenza ndilipira ndine. Chigamulocho ndinachivomera osachita apilo.

Kwa mnzanu wamkulu kwa inu, ndondomeko ndi yomweyo koma mawu amasintha: "Achemwali, pepani, tsiku lanu lobadwa ndinaliiwala. M'mutu mwangamu munagwa chiperoni. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndifika ndi zinanazi, chigamulo mudzapereke nokha. Mulungu akusungeni."

## 9. Zochita mukatumiza

Mukatumiza, dikirani. Pa WhatsApp kachizindikiro kamodzi kamasonyeza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike pa foni yake, tiwiri timasonyeza kuti wafika, ndipo tikasanduka tobiriwira ngati thambo ndiye kuti wautsegula, ngakhale ena amazimitsa zimenezi. Kachizindikiro kamodzi kangathe kungotanthauza kuti bandulo yamuthera kapena ali kumalo kumene netiweki siigwira, monga m'zigwa za m'mphepete mwa phiri, ndiye musafulumire kuganiza kuti wakutsekerani.

Akayankha mokusekani, musadziteteze. Vomerani ndi kuwonjezera pang'ono, kenako tsimikizani tsiku la chipepeso. Akayankha mawu amodzi monga "chabwino" kapena "zikomo" pomwe masiku onse amalemba zambiri, chimenecho ndi chizindikiro chakuti nthabwala sinafike, ndipo musatumize ina. Muimbireni madzulo ndi kupepesa popanda kuseka. Akawerenga osayankha, mupatseni tsiku limodzi lathunthu, kenako imbani. Tsiku lomwelo lembani tsiku lake lobadwa mu kalendala ya foni, muike kuti izikukumbutsani chaka chilichonse kutatsala tsiku limodzi, ndipo mulilembenso papepala, popeza foni imatayika.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kubweza mlandu. Munthu amalemba kuti "iwenso chaka chatha unaiwala langa" poganiza kuti akuseketsa, koma wowerenga amamva kuti mwakhala mukusunga nkhaniyo chaka chonse kudikira tsiku loitulutsa. Ngakhale zitakhala zoona, musiyeni azikumbukire yekha. Chofanana nacho ndi kumuimba mlandu wosakukumbutsani, kapena kutsekera uthenga ndi mawu akuti "wakwiya ndi mfiti", amene amamulanda munthu ufulu wokhumudwa pa chinthu chimene inu mwalakwitsa.

China ndi kunamizira kuti munachita dala, monga kunena kuti mumafuna kukhala womaliza kumufunira zabwino. Nthabwala imeneyi ingagwire ntchito pokhapokha ngati chiganizo chotsatira chikuvomera kuti ndi bodza. Ikangoima payokha, ndiye kuti simunapepese.

Ena amakopera uthenga wokonzedwa kale, nthawi zambiri wa Chingerezi wokhala ndi maluwa ndi makandulo, n'kuutumiza kwa munthu amene moyo wawo wonse amalankhula naye Chichewa kapena Chilomwe. Pa WhatsApp uthenga wongopatsirana umafika ndi chizindikiro cha Forwarded pamwamba pake, ndipo mnzanu amaona nthawi yomweyo kuti simunalembe nokha. Ena amathamangira kuika chithunzi cha mnzawoyo pa sitetasi ndi mawu opepesa asanamulembere iye mwini, zomwe zimaoneka ngati mukupepesa kwa anthu oonerera. Sitetasi ibwere pambuyo, iye atayankha, ndipo chithunzicho chikhale chimene iye amachikonda.

Pomaliza pali kufufuta uthenga mutautumiza chifukwa cha mantha. Mukagwiritsa ntchito Delete for everyone, kwa mnzanuyo kumatsala mawu osonyeza kuti panali uthenga umene wafufutidwa, ndipo mwina anali atauona kale pagalasi la foni usanachoke. Tsopano ali ndi mafunso awiri m'malo mwa limodzi: chifukwa chimene munaiwalira tsiku lake, ndi chimene munalemba n'kuchibisa. Ngati mwalakwitsa chilembo, konzani mkati mwa mphindi 15 zija; ngati mwaona kuti nthabwala yapitirira, usiyeni uthengawo pomwepo ndipo mulembe pansi pake kuti, "Apa ndapitiriza, pepa kawiri, ndikuimbira madzulo ano."